Musanataye mausi yopanda waya, onani kaye mmene kamuvi kakudumphira

Mausi yopanda waya ikayamba kuvuta, anthu ambiri amachita zinthu ziwiri motsatizana: amaimenyetsa pa tebulo, kenako amakagula batire. Batire latsopano likalowa koma kamuvi n'kumapitirizabe kudumpha, amangoti mausi yatha, ndipo imakathera m'dilowa momwe mumakhala matchaja akufa. Ine ndimakonza makompyuta a m'maofesi ang'onoang'ono, ndipo mausi zambiri zomwe ndimazipeza m'madilowa oterowo zimakhala zabwinobwino. Zinatayidwa chifukwa panalibe amene anafatsa n'kuona kuti kamuvi kakuchita chiyani kwenikweni. Kamuvi konjenjemera pamalo amodzi, kamuvi kothawira pakona, ndi kamuvi koima kenako n'kulumphira kutsogolo, ameneŵa ndi matenda osiyana, ndipo aliwonse amaloza kwawo.

Kuti zimveke, taganizirani njira yomwe uthenga umadutsa kuchoka m'dzanja lanu kukafika pa sikirini. Pansi pa mausi pali kadiso komwe kamaona tebulo n'kuŵerengera kuti mwasuntha motani. Mkati muli kawayilesi komwe kamatumiza chiŵerengerocho kupita ku karisiva kaja kobaya pa poti ya USB. Kenako kompyuta imalandira uthengawo n'kusuntha kamuvi. Batire limadyetsa kadiso ndi kawayilesi pamodzi. Tsono mfundo yomwe imandithandiza kwambiri ndi iyi: mabatani odina ndi kagudumu kapakati sizidalira kadiso kapansi kaja, koma zimayenda pa wayilesi yomweyo. Ndiye ngati kamuvi kakupenga koma kudina ndi kupukusa kagudumu kukuyankha nthawi yomweyo, wayilesi ilibe mlandu. Yang'anani kadiso ndi tebulo. Ngati kamuvi kakuima ndipo pa nthawi yomweyo mukadina sizikumveka, kapena tsamba likuchedwa kutsika mukapukusa kagudumu, ndiye kuti uthenga ukutayika panjira, ndipo nkhani ndi ya batire kapena karisiva. Ngati muli pa laputopu ndipo nayo tachipadi ikuchedwa chimodzimodzi, isiyeni mausi, kompyuta ndiyo yalemedwa.

Pali kayeso kosavuta komwe kamaonetsa zimenezi ndi maso. Tsegulani pulogalamu yojambulira ya `Paint`, sankhani pensulo, gwirani batani lakumanzere, ndipo jambulani mizere yozungulira mosalekeza ndi liŵiro limodzi. Mausi yabwino imajambula zozungulira zosalala. Mausi yomwe uthenga wake ukudukaduka imajambula bwino kwa kanthaŵi, kenako pakati pa chozunguliracho pamatuluka mzere wowongoka ngati wolemba ndi rula, chifukwa kompyuta sinamve kalikonse kwa kamphindi ndipo itamvanso inangolumikiza pomwe inalekezera ndi pomwe kamuvi kafika. Nthaŵi zina mzerewo umadukiratu ngati kuti mwasiya batani. Mausi yomwe kadiso kake sikakuona bwino imajambula zina: mzere umakhala wa manomano, umapatukira kumbali komwe dzanja silinapite, kapena chozungulira chimaphwatalala mbali imodzi chifukwa kuyenda chopingasa kukuŵerengedwa pomwe kuyenda chokwera sikukuŵerengedwa. Mukaona chithunzi chomwe chatuluka, theka la ntchito latha.

Tiyambe ndi kadiso, popeza ndi komwe sikamveka bwino kwa ambiri. Kadiso kameneka ndi kakamera kakang'ono kwambiri. Pambali pake pali kanyali komwe kamawalitsa tebulo chapendeke, osati molunjika pansi, n'cholinga choti timabampu ndi timaenje tosaoneka ndi maso tikhale ndi zithunzithunzi. Kakamerako kamajambula malo ochepa kwambiri, osaposa kanjere ka mpunga, kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo pa mausi zamasiku ano zithunzi zake zimafika masauzande. Kachipangizo ka mkati kamayerekeza chithunzi chatsopano ndi chomwe changodutsa, n'kuona kuti timadontho tomwe tinali apa tsopano tasunthira pati. Mausi sidziŵa pomwe ili pa tebulo. Imangodziŵa kusiyana kwa chithunzi ichi ndi chapitacho, basi.

Mukadziŵa zimenezi, khalidwe la matebulo osiyanasiyana silidabwitsanso. Pa galasi loyera kuwala kumangodutsa, kakamera sikapeza choti kagwire, ndipo kamuvi kamaima kapena kuyenda mwa apo ndi apo. Pa tebulo la vanishi yonyezimira kapena pa matailosi kuwala kumanjanja n'kupita kumbali m'malo mobwerera mwakachetechete ku kakamera. Pulasitiki yoonekera mkati ija yomwe timayala pamwamba pa nsalu ya pa tebulo imachita zonse ziŵiri, ndipo ikayamba makwinya imakweza mausi mbali imodzi. Palinso malo ena omwe amaoneka ngati abwino koma ali ndi msampha: chikuto cha magazini chonyezimira, kapena nsalu yokhala ndi timizere tofanana tobwerezabwereza. Pa timizere totere chithunzi chatsopano chimafanana ndi chakale m'malo angapo, kachipangizo kamasankha polakwika, ndipo kamuvi kamathaŵira komwe simunakatume. Zilipo mausi zopangidwira galasi, monga za Logitech zomwe zimalembedwa kuti Darkfield, koma mausi wamba yogula pamodzi ndi fulashi sili m'gulu limenelo.

Kuyesa tebulo sikulira ndalama. Tengani pepala loyera la A4 losalembapo, liyaleni, yendetsani mausi pamwamba pake. Pepala lili ndi timaulusi tosafanana paliponse, zomwe kakamera kamakonda. Kamuvi kakakhazikika pa pepala, mlandu ndi wa tebulo, ndipo mankhwala ake ndi padi ya nsalu yosanyezimira. Koma nayo padi imakalamba. Pakati pake, pomwe dzanja limakhala tsiku lonse, pamadzaza mafuta a m'manja ndi thukuta mpaka pamayamba kuŵala, ndipo mudzaona kuti mausi ikuvuta pakati pokha pomwe m'mphepete ikuyenda bwino. Padi yotero ichapeni ndi sopo ndi madzi ofunda, iume bwinobwino pamthunzi.

Pepala likalephera kusintha kanthu, tembenuzani mausi. Izimitseni, ndipo unikani m'kabowo ka kadiso ndi tochi ya foni. Chomwe ndimachipeza kaŵirikaŵiri si dothi lambiri ayi, koma katsitsi kamodzi kapena kaulusi ka juzi komwe kapingasa pakamwa pa kabowoko. Kameneka ndi koipa kuposa fumbi chifukwa kamagwedezeka. Kakamera kamakaona ngati mbali ya tebulo, ndiye kakagwedezeka pang'ono kamuvi kamanjenjemera kapena kuyenda kokha dzanja lili phee. M'miyezi ya fumbi, cha mu Seputembala ndi Okutobala, galasi la kadiso limachitanso chifunga, makamaka m'maofesi oyandikana ndi msewu wadothi, ndipo pamenepo kamuvi kamatsalira: mwasuntha dzanja kwambiri, iko kayenda pang'ono.

Poyeretsa, yambani ndi kupemerera mpweya, makamaka ndi kapampu ka labala ngati muli nako, chifukwa mpweya wa pakamwa umabwera ndi malovu. Katsitsi kachotseni ndi kopanira nsidze kapena kansonga ka pepala. Kenako pukutani ndi kathonje kotokosera m'makutu kouma. Ngati pali mafuta, nyowetsani kathonjeko pang'ono chabe ndi sipiriti, pukutani, n'kumaliza ndi mbali youma. Musathire sipiriti m'kabowomo. Chomwe ndimaletsa ndi singano kapena pini. Galasi limenelo kwenikweni ndi pulasitiki yofeŵa, ndipo mukalikanda mwaika chilema chomwe kakamera kazichiona pa chithunzi chilichonse mpaka kalekale.

Mausi ili chagada choncho, onaninso timapazi take, tizidutswa toterera tija tomata m'makona. Kakamera kanapangidwa kuti kaziona bwino pa mtunda umodzi wokha kuchoka pa tebulo, ndipo mukakweza mausi mamilimita ochepa okha kamasiya kuŵerenga. Kaphazi kamodzi kakamatuka mausi imapendekeka, ndipo chithunzi chimasokonekera mukaitsamira mbali imeneyo. Litsiro lakuda lomwe limaundana m'mbali mwa timapazito limapangitsanso mausi kukakamira pa tebulo n'kumasuka mwadzidzidzi, zomwe pa sikirini zimaoneka ngati kudumpha. Limeneli lipaleni ndi chikhadabo. Ndipo musanene kuti mausi yafa chifukwa choti pansi pake sipakuoneka kuwala kofiira. Mausi zambiri zopanda waya zimagwiritsa ntchito kuwala komwe diso la munthu siliona.

Za batire anthu amazidziŵa kale, koma pali zingapo zomwe zimanyenga. Choyamba ndi mtundu wake. Mabatire a AA osatchaja amalembedwa 1.5 V, koma mkati ndi osiyana. Yang'anani timalemba ta m'mbali: `LR6` ndi la alikalini, pomwe `R6` yokha, kaŵirikaŵiri yotsagana ndi mawu okopa akuti `Heavy Duty`, ndi la mtundu wakale wa zinki ndi kaboni, lomwe limasunga mphamvu yochepa ndipo limafooka msanga. Pa timabatire ta AAA malemba ake ndi `LR03` ndi `R03`. Batire lotsika mtengo la pa okala, lomwe lakhala miyezi likuwombedwa ndi dzuŵa, litha kukhala latsopano m'pepala lake koma lofooka kale. Choncho mawu akuti "ndaikamo latsopano" sathetsa nkhani.

Chachiŵiri, batire lotopa limachira pang'ono likapuma. N'chifukwa chake mausi imayenda bwino m'maŵa mukangofika, n'kuyamba kudukiza mutagwira ntchito kwa kanthaŵi, n'kukhalanso bwino mukabwera kokadya nkhomaliro. Mukaona kachitidwe kameneka, kotsata kupuma ndi kugwira ntchito, kayikirani batire musanakayikire china chilichonse. Mita yoyezera mphamvu ya batire nayo itha kukunamizani pa chifukwa chomwechi: batire lili panja lopanda katundu litha kuonetsa nambala yooneka bwino, koma n'kugwa mausi ikangoyamba kukoka mphamvu. Komabe la alikalini likamaonetsa pafupi ndi 1.1 V lili panja, latha ntchito. Lotchaja ndi nkhani ina, chifukwa limalembedwa 1.2 V ndipo limakhala pamenepo pafupifupi mpaka kumapeto, kenako limagwa kamodzin'kamodzi osachenjeza. Zoyanika mabatire padzuŵa kapena kuwaluma zija zimapatsa mphindi zochepa, koma zimafulumizitsa kuchucha, ndipo batire likachuchira m'mausi mwataya zambiri kuposa mtengo wa batire.

Chachitatu ndi nyumba ya batireyo. Ngati kamuvi kamaima nthaŵi iliyonse mukanyamula mausi n'kuitsitsanso, kasipuling'i kafooka ndipo batire likugwedera. Mausi ikuzima n'kuyakanso, ndipo ikayaka imafunika kamphindi kuti ipezanenso ndi karisiva. Kakokeni kasipuling'iko pang'ono kuti kagwire zolimba. Ngati pa tizitsulo pali zoyera ngati mchere, batire la alikalini linachuchapo; pukutani ndi kathonje konyowetsa ndi viniga kapena madzi a ndimu, muumitse, ndipo musambe m'manja. Mausi ya mabatire aŵiri musaiphatikizire lakale ndi latsopano. Kuchedwa kwa kamphindi komwe kumachitika mukangoigwira mausi itakhala nthaŵi osagwiritsidwa ntchito si matenda. Imakhala itagona kuti isunge batire.

Tsopano nkhani ya karisiva, yomwe ndiyo imataitsa mausi zabwino zambiri, chifukwa chosokonezacho sichioneka. Ndifotokoza kudzera pa zomwe zinachitika pa shopu ina yotayipa ndi kupanga fotokope, ya mayi ena omwe ndimawakonzera makina. Anandiimbira foni nati, "Achimwene, mausi yachiŵiri tsopano, nayonso yayamba zomwe zija. Kapena ndi vayirasi?" Mausi yoyamba anali ataitaya, ndipo yatsopanoyi inali ya kampani ina. Mausi ziŵiri zosiyana kudwala matenda amodzi pa tebulo limodzi, chimenecho chokha chinali chizindikiro choti vuto lili pamalopo.

Nditafika ndinajambula zozungulira mu `Paint`, ndipo zinatuluka zosalala. Ndinawafunsa kuti zimachitika nthaŵi yanji. Anati, "Makamaka madzulo, ndikamatseka. Nthaŵi zinanso masana kasitomala akabwera ndi zithunzi zambiri." Madzulo amachita chiyani? Amakopera ntchito za tsikulo ku hadidisiki yakunja. Nanga masanawo? Amabaya fulashi ya kasitomala, kapena kutsegula mafayilo akale a pa hadidisiki yomweyo. Ndinawapempha kuti ayambe kukopera foda yaikulu ine ndikujambula. Kukopera kutangoyamba, zozungulira zanga zinayamba kutuluka ndi mizere yowongoka, ndipo kudina kwina kunkasoŵa. Kukopera kutatha, zonse zinabwerera mwakale.

Apa panali njira ziŵiri zomwe zimafanana maonekedwe. Mwina kompyutayo inkalemedwa ndi kukoperako, kapena uthenga wa mausi unkasokonezedwa mumlengalenga. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: ndinabaya mausi ya waya, n'kubwereza kukopera komweko. Ya waya inayenda bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kompyuta inalibe vuto.

Kenako ndinagwada n'kusuzumira pansi. Kompyutayo inali pansi pa tebulo lachitsulo, itakankhidwira kukhoma. Karisiva kanali kumbuyo, ndipo poti yoyandikana nayo, ya buluu mkati, ndi momwe munabayidwa chingwe cha hadidisiki. Zinthu ziŵirizi zinali pafupifupi kukhudzana.

Chomwe chimachitika ndi ichi. Mausi zopanda waya zamasiku ano, za karisiva ngakhalenso za Bluetooth, zimalankhula pa mafunde a 2.4 GHz, ndipo zimalankhula motsitsa kwambiri kuti batire likhalitse. Poti ya USB 3.0, yomwe nthaŵi zambiri imakhala ya buluu mkati kapena yolembedwa `SS` pambali, imayendetsa uthenga pa liŵiro la 5 Gbit/s. Magetsi othamanga chonchi amatulutsa phokoso la wayilesi lomwe limamwazikana pa mafunde ambiri, ndipo gawo lina limagwera ndendende pomwe mausi imalankhulira. Phokosolo limathaŵira pa pulagi, pa chingwe chosakutidwa bwino, ndi pa bokosi la hadidisiki. Kampani ya Intel inalemba za vutoli mu 2012, itayesa mausi yopanda waya pafupi ndi hadidisiki ya USB 3.0, ndipo inaonetsa kuti kutalikitsa karisiva ndi chingwe kumabwezeretsa zinthu m'malo. Zili ngati kulankhula ndi munthu yemwe waima pafupi ndi chigayo: chikazima mumamvana bwino, chikalira mawu ena amampita, ndipo kukuwa kwanu sikuthandiza kwambiri ngati kumusuntha iyeyo kuti achoke pa chigayopo.

Mausi wamba ya mu ofesi imatumiza uthenga ka 125 pa sekondi, kutanthauza kamodzi pa mamilisekondi 8 aliwonse. Uthenga umodzi ukatayika simungazindikire, ndipo mausi imayesa kutumizanso kapena kusamukira pa tchanelo china. Koma phokoso la USB 3.0 ndi lotambalala, ndiye kulikonse komwe mausi yasamukira imalipezako. Mauthenga ambiri otsatizana akatayika, kamuvi kamaima, ndipo wina ukadutsa kamalumpha.

Pa shopu paja panalinso zoonjezera. Pakati pa mausi ndi karisiva panali tebulo lachitsulo ndi bokosi lonse la kompyuta, lomwenso ndi lachitsulo, ndipo mafunde ameneŵa sadutsa chitsulo. Thupi la munthu nalo limawameza, ndiye miyendo ya mayiwo inali chotchinga china. Pa katoni ya mausi amalemba kuti imafika mamita 10, koma amenewo ndi a pamalo opanda chotchinga ndi opanda phokoso. Uthenga unkafika ku karisiva utafooka kale, wongokwanira pamene kuli zii. Hadidisiki ikayamba ntchito, unkamira.

Poyamba ndinasamutsira karisiva ku poti yakutsogolo, yakuda mkati, yomwe ndi USB 2.0. Zinasintha kwambiri, moti kukopera ku hadidisiki sikunkasokonezanso. Koma mapoti akutsogolo ndi omwe amabayamo mafulashi a makasitomala, ndipo ina mwa iwo inali ya buluu. Fulashi ya USB 3.0 itabayidwa pambali pa karisiva, kudukiza kunabwerera pang'ono. Mankhwala enieni anali chingwe chotalikitsira USB, cha mtundu wa 2.0, chotalika ngati mita imodzi. Ndinachibaya kumbuyo pa poti yakuda, n'kuchikweza pamwamba pa tebulo, n'kumata mutu wake ndi tepi pansi pa sikirini, karisiva katayang'ana mausi pa mtunda wosakwana mkono. Hadidisiki ndinaisunthira mbali ina ya tebulo. Tinakopera foda ija kachiŵiri, fulashi ilinso m'kati, ndipo zozungulira zinatuluka zosalala. Mayiwo anangoti, "Ndiye yoyamba ija ndinaitaya ili yamoyo?" Sindinayankhe, poti yankho analidziŵa.

Dziŵani kuti kubaya karisiva mu poti ya buluu pakokha si tchimo. Karisivako kamalankhula ndi kompyuta pa liŵiro lakale, ndipo sikadzutsa phokoso lija. Chomwe chimavuta ndi chipangizo cha USB 3.0 chomwe chikugwira ntchito pafupi nako. Pa laputopu, pomwe mapoti amakhala mothithikana, njira yachidule ndi kuika karisiva mbali yomwe kuli mausi, hadidisiki kapena fulashi mbali inayo. Timahabu tija tochulukitsa mapoti ndi toipa kwambiri pa nkhaniyi ngati mwabayapo karisiva pamodzi ndi hadidisiki, chifukwa mwaziika pamodzi m'kabokosi kamodzi kapulasitiki.

Wayifayi nayo imakhala pa 2.4 GHz. Rauta kapena kamayifayi kokhala pa tebulo pafupi ndi karisiva katha kuchititsa zomwezi, makamaka pamene mukutsitsa fayilo yaikulu kapena muli pa msonkhano wa vidiyo. Foni yomwe mwayatsa hotisipoti n'kuigoneka pambali pa laputopu ndi chimodzimodzi. Kuyesa kwake ndi kofanana ndi kwa hadidisiki kuja: yambitsani chinthu chomwe mukuchikayikira uku mukujambula, kenako chizimitseni, muone ngati mizere yowongoka ikubwera ndi kupita nacho. Mukachipeza, chisunthireni kutali ndi mita imodzi kapena iŵiri. Ngati rauta ndi laputopu zonse zimatha 5 GHz, lumikizani pamenepo, mausi itsale yokha pa mafunde ake. Mausi ya Bluetooth ili ndi vuto lina lapadera pa laputopu: Bluetooth ndi wayifayi nthaŵi zambiri zimachokera pa kakhadi kamodzi ndipo zimagaŵana mlongoti, ndiye intaneti ikatanganidwa pa 2.4 GHz, kapena mukamamvetsera nyimbo pa mahedifoni a Bluetooth, mausi imadikira mpata wake.

M'maofesi momwe anagula mausi zofanana zambiri nthaŵi imodzi mumachitikanso kanthu kena koseketsa. Mausi iliyonse inalumikizidwa ndi karisiva kake ku fakitale. Pokolopa kapena posamutsa matebulo timarisiva timasinthana, ndipo munthu amadandaula kuti kamuvi kake kakuyenda kokha, pomwe mnzake wa tebulo lina akudandaula kuti mausi yake yafa. Lembani nambala pa mausi ndi pa karisiva kake tsiku lomwe mwazitulutsa m'katoni. Karisiva kakatayika, mausi zambiri zotsika mtengo sizilandira kena. Zomwe zimalola ndi monga za Logitech zokhala ndi chizindikiro cha Unifying, momwe karisiva kamodzi kamatha kunyamula zipangizo mpaka 6.

Za mkati mwa kompyuta ndinena mwachidule, chifukwa anthu amathamangirako msanga pomwe kaŵirikaŵiri sikukhala vuto. Pa laputopu, kamuvi kolumpha pamene mukutayipa nthaŵi zambiri ndi chikhatho chomwe chikukhudza tachipadi. Mu Windows, pa zokonda za `Touchpad`, chotsani chizindikiro pa `Leave touchpad on when a mouse is connected`. Ngati zonse zikuchedwa, ngakhale zilembo zomwe mukutayipa, dinani `Ctrl + Shift + Esc` muone ngati `Disk` kapena `CPU` yakakamira pa 100%. Ndipo ngati mausi imaduka makamaka laputopu ikakhala pa batire magetsi atazima, mwina Windows ikugoneka poti kuti isunge mphamvu. Dinani batani la Windows pamodzi ndi `R`, n'kulemba:

```
devmgmt.msc
```

Pansi pa `Universal Serial Bus controllers` tsegulani `USB Root Hub`, pitani pa `Power Management`, n'kuchotsa chizindikiro pa `Allow the computer to turn off this device to save power`. Anthu ena amalangiza kuzimitsa `Enhance pointer precision`. Chimenecho chimangosintha kutalika komwe kamuvi kamayenda malinga ndi liŵiro la dzanja. Sichichiza kudumpha kochokera ku kadiso kapena ku wayilesi.

Mausi imafadi nthaŵi zina, makamaka yomwe yagwa pa simenti kangapo. Kugwa kumatha kusuntha galasi la kadiso pamalo pake kapena kuthyola polumikizira tizitsulo ta batire, ndipo mukaigwedeza pafupi ndi khutu mumamva kanthu kakugwedera mkati. Kuti mutsimikize, itengereni pa kompyuta ina m'chipinda china, ndi batire la `LR6` lomwe mwaliona likugwira ntchito m'chipangizo china, pa pepala loyera, karisiva kali pafupi ndi dzanja ndipo palibe china chobayidwa pambali pake. Ikajambulabe mizere ya manomano kapena yodukaduka pamenepo, yathadi, ndipo kukonzetsa mausi wamba kumadya ndalama zoposa kugula ina. Pa kompyuta ya pa shopu yomwe sichoka pa tebulo, ine ndimalangiza kuti yoloŵa m'malo mwake ikhale ya waya.